Msonkho pa ndalama zopumira pa ntchito ku Joni: zimene munatapa kale zimawerengedwanso

Munthu akagwira ntchito zaka 30 n'kulandira ndalama za penshoni zonse tsiku limodzi, a msonkho amakumana ndi vuto. Pafupifupi m'dziko lililonse msonkho wa pa malipiro umakwera ndi kuchuluka kwa zimene munthu wapeza m'chaka. Ndalama zopumira zikangothiridwa pamwamba pa malipiro a chaka chimenecho, wantchito wamba amaoneka ngati mpondamatiki, pamene ndalamazo anazisonkha pang'onopang'ono moyo wake wonse.

Maboma ali ndi njira ziwiri zochepetsera vutoli. Yoyamba ndi kuwerengera ngati kuti ndalamazo zinabwera m'zaka zingapo. Ku Germany, pa ndalama zina monga zolipira munthu amene ntchito yamuthera, amazigawa pasanu, n'kuona msonkho umene gawo limodzi lingawonjezere pa malipiro a chaka, kenako n'kuuchulukitsa kasanu. Msonkho wonse umalipiridwabe chaka chomwecho, koma pa mlingo wotsika. Ku America kuli njira yofanana nayo ya zaka 10, koma inatsalira okhawo amene anabadwa pasanafike pa 2 Januwale 1936. Njira imeneyi imathandiza kwambiri wa malipiro ochepa. Amene ali kale pa mlingo wapamwamba sapindula nayo kwenikweni.

Njira yachiwiri ndi kuzipatula ndalamazo ku malipiro n'kuzipatsa mlingo wakewake. Imeneyi ndi imene ikugwira ntchito ku South Africa, kumene abale athu ambiri akukalambira pa ntchito, ndipo ndi imene tiione bwinobwino.

Malinga ndi mlingo umene bungwe lotolera msonkho la SARS linayamba kugwiritsa ntchito pa 1 Malichi 2023, R550,000 yoyamba ilibe msonkho. Kuchoka pamenepo kufika pa R770,000 amadula 18 peresenti, kuchoka pa R770,000 kufika pa R1,155,000 amadula 27 peresenti, ndipo zonse zopitirira apo amadula 36 peresenti. Peresenti iliyonse imagwira gawo lake lokha la ndalamazo.

Tiyerekeze makaniko wina wa pa mgodi ku Rustenburg amene akupuma ndipo akutenga R900,000 nthawi imodzi. Pa R550,000 yoyamba salipira kanthu. Pa R220,000 yotsatira alipira R39,600. Pa R130,000 yotsala alipira R35,100. Msonkho wonse ndi R74,700, ndipo iye apita kunyumba ndi R825,300. Ndalama yomweyo ikanawerengedwa ngati malipiro a chaka, ngakhale popanda kuwonjezerapo malipiro ake enieni, msonkho ukanakhala wokwera kwambiri kuposa pamenepa. Apa m'pamene pakuonekera phindu la mlingo wapaderawu.

Koma pali mfundo imene ambiri amaidziwa madzi atafika kale m'khosi. R550,000 yopanda msonkho ija imaperekedwa kamodzi pa moyo wa munthu. Siyambiranso mukasintha ntchito, kapena mukakhala ndi mathumba awiri a penshoni. SARS imasonkhanitsa ndalama zonse zopumira zimene munalandira kuyambira pa 1 Okutobala 2007, zimene munatapa posiya ntchito kuyambira pa 1 Malichi 2009, ndi zimene munalipidwa pochotsedwa ntchito kuyambira pa 1 Malichi 2011. Zonsezi amaziphatikiza ndi za lero asanawerengere msonkho.

Tibwerere kwa makaniko uja. Tinene kuti mu 2016 anasiya ntchito pa kampani ina, n'kutapa R300,000 ya penshoni yake kuti amalizitse nyumba kumudzi. Kutapa musanapume kuli ndi mlingo wina wouma: nthawi imeneyo R25,000 yokha ndiyo inalibe msonkho, choncho anamudula R49,500. Iye anaona ngati nkhani yathera pomwepo.

Tsopano akupuma. SARS iphatikiza R300,000 yakale ndi R900,000 ya lero, n'kupeza R1,200,000. Pa mlingo wa opuma, msonkho wa ndalama imeneyi ndi R159,750. Kenako amachotsapo msonkho wa R300,000 yakale ija, koma amauwerengera pa mlingo wa opuma womwewo, osati pa zimene analipiradi. Poti R300,000 ili pansi pa R550,000, chochotsera palibe. R49,500 imene analipira mu 2016 sibwezedwa ndipo sichepetsa kalikonse. Ndiye kuti alipira R159,750 m'malo mwa R74,700. Ndalama imene anatapa zaka zapitazo yamuwonjezera R85,050 pa tsiku lopuma, chifukwa inadya gawo lopanda msonkho n'kukankhira ndalama za lero m'magawo a 27 ndi 36 peresenti.

Akanasamutsira R300,000 ija ku thumba la penshoni la kuntchito yatsopano, kapena ku thumba losungira penshoni za anthu osintha ntchito, sakanadulidwa msonkho uliwonse pa kusamutsako, ndipo R550,000 yake ikanakhala yathunthu. Sindikunyoza munthu amene watapa chifukwa ana akufuna fizi kapena denga likudontha. Ndikungofuna kuti azidziwa mtengo wonse asanasaine, chifukwa umene amauona pa tsikulo ndi gawo chabe.

Kodi munthu angadziwe bwanji msonkho wake ndalama zisanatuluke? Thumba la penshoni silingakulipireni popanda chilolezo cha SARS chimene amachitcha dayirekitivi, chomwe chimanena ndalama yoti adule. Thumbalo ndilo limapempha chilolezochi, koma inu musanasankhe kuchuluka kwa ndalama zoti mutenge, apempheni akuwerengereni moyerekeza, ndipo muwauze za ndalama iliyonse imene munatapa kapena kulipidwa pochoka pa ntchito zakale. Mapepala a `IRP5` a zaka zimenezo amasonyeza ndalamazo ndi msonkho umene unadulidwa. Ngati chiwerengero cha SARS chaposa chimene munayembekezera, zifukwa zake nthawi zambiri zimakhala ziwiri: ndalama yakale imene munaiwala, kapena ngongole ya msonkho, imene SARS imatha kulamula thumba kuti liidule pa ndalama zomwezo. Onetsetsaninso kuti dzina lanu, nambala ya pasipoti ndi nambala ya msonkho zikufanana ku thumba ndi ku SARS, chifukwa zikasiyana chilolezo chimakanidwa ndipo malipiro amachedwa.

Chinanso n'chakuti kuyambira pa 1 Sepitembala 2024, zosonkha zatsopano zimagawidwa pawiri: gawo limodzi mwa magawo atatu limapita ku mphika umene mungatapeko kamodzi pa chaka cha msonkho, ndipo magawo awiri amadikira kudzakulipirani mwezi ndi mwezi mukapuma. Zimene mwatapa mu mphika woyambawo mukadali pa ntchito sizidya R550,000 ija, koma sizilowanso pa mlingo wapadera. Zimathiridwa pa malipiro anu a chaka n'kudulidwa pa mlingo wanu wapamwamba. Mukazisiya mpaka tsiku lopuma, zimadulidwa pa mlingo wa opuma.

Pomaliza, wopuma ali nayo njira yake yogawira msonkho m'zaka zambiri. Sakakamizidwa kutenga zonse zimene malamulo akumulola kutenga. Makaniko wathu atatenga R470,000 yokha, pamodzi ndi R300,000 yakale zifika pa R770,000, ndipo msonkho ukhala R39,600. R430,000 yotsalayo ikagula penshoni ya mwezi ndi mwezi, idzadulidwa ngati malipiro wamba chaka ndi chaka, ndipo ngati zimene akupeza pa chaka n'zochepa, msonkho wake ungakhale wochepa kwambiri kapena osakhalapo n'komwe. Masamu amenewa achiteni fomu yopumira isanapite ku thumba, chifukwa chilolezo chikatuluka n'kovuta kubweza chisankho.