Mawu 41 ndi Belu: Mmene Abuda Amaphunzitsira Kupuma mu Mphindi Imodzi

M'Chichewa, mawu akuti kupuma ali ndi nkhope ziwiri. Mlimi akatsamira khasu pansi pa mtengo timati akupuma, ndipo khanda likamakoka mpweya ndi kuutulutsa timatinso likupuma. Timavidiyo tina tatifupi timene aphunzitsi a Chibuda amaika pa foni masiku ano timafuna zonse ziwiri nthawi imodzi: munthu asiye kaye zimene akuchita, ndipo kwa masekondi 60 atchere maganizo pa mpweya wake. Kavidiyo kotere kamaoneka kosavuta kupanga. Pamaoneka kandulo, mtsinje kapena mmonke atakhala pansi, ndipo mawu ofatsa amakuuzani zochita. Koma amene anayesapo kulemba mawuwo amadziwa kuti ntchito yagona pa kusankha zoti asanene.

Mwambo umenewu ndi wakale kwambiri kuposa foni. M'chinenero cha Chipali, chimene malemba akale a Abuda a ku Sri Lanka, Myanmar ndi Thailand analembedwamo, umatchedwa anapanasati. Mbali yoyamba ya mawuwa ikunena za mpweya wolowa ndi wotuluka, pomwe sati poyambirira ankatanthauza kukumbukira. Tinganene kuti ndi kusaiwala mpweya. Chiphunzitso chodziwika ndi dzinali chili pa nambala 118 m'gulu la malemba lotchedwa Majjhima Nikaya, ndipo chili ndi masitepe 16. Kavidiyo ka mphindi imodzi sikangapitirire awiri oyamba, omwe ndi kudziwa kuti mpweya uno ndi wautali pamene uli wautali, ndi kudziwa kuti ndi waufupi pamene uli waufupi. Pamasitepe awiriwa wophunzira sauzidwa kutalikitsa kapena kufupikitsa mpweya. Amangouzidwa kudziwa. Chiphunzitso china, Satipatthana, chimamuyerekeza ndi mmisiri wosema mtengo pouzunguza, yemwe dzanja lake limadziwa lokha ngati wakoka chingwe motalika kapena mofupika.

Apa ndi pomwe mavidiyo ambiri amaphonya. Amayamba ndi lamulo lakuti kokani mpweya wambiri, kenaka pagalasi pamabwera kabwalo kamene kamakula ndi kuchepa, inu n'kumakatsatira. Amenewo ndi masewera olimbitsa kapumidwe, ndipo ali ndi ntchito yake, koma si anapanasati. Pali ngozi yakenso kwa oyamba kumene. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi, ndipo thupi limayeza lokha mpweya umene likufuna. Mukamukakamiza kukoka mpweya wochuluka mobwerezabwereza, amataya kaboni dayokisaidi wambiri kuposa muyezo, mitsempha ya magazi yopita ku ubongo imafinyika pang'ono, ndipo amayamba kumva chizungulire ndi dzanzi m'zala kapena m'milomo. Ndikamva munthu akunena kuti anayesa kusinkhasinkha koma mutu unamuzungulira, funso langa loyamba limakhala lakuti kodi amene ankamutsogolera anamuuza kuti apume motani.

Tiyeni tione mawu a kavidiyo kamodzi, amene ndalemba ndekha monga chitsanzo, ndi nthawi imene chiganizo chilichonse chimalowa.

Kavidiyo kamayamba ndi belu lolira kamodzi, ndipo masekondi anayi oyamba ndi a kulira kwakeko. Belu si chokongoletsa. Ku Plum Village, malo a amonke amene Thich Nhat Hanh wa ku Vietnam anakhazikitsa ku France mu 1982, belu likalira aliyense amaima pomwe ali, amasiya kulankhula, n'kupuma katatu akudziwa kuti akupuma. Mmonkeyu, yemwe anamwalira mu 2022, ndi mmodzi mwa amene anafalitsa kwambiri maganizo akuti kupuma kwakufupi kotere kungalowe pakati pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Pa vidiyo belu limagwiranso ntchito ina: limaimitsa chala chimene chinazolowera kukankha chithunzi kuti chibwere china.

Pa sekondi 4 mawu amati: "Khalani mmene mwakhaliramo. Ikani foni pansi, mungomvera mawu." Ine ndimaona kuti chiganizo chachiwirichi n'chimene chimasiyanitsa mphunzitsi woona ndi wongofuna owonera. Vidiyo imafuna maso anu, pomwe mwambowu ukufuna kuti maganizo achoke pagalasi apite pa thupi. Mphunzitsi amene akukuuzani kuti musamuyang'ane ndiye kuti akufunadi kuti muphunzire. Onaninso kuti sitinanene zopinda miyendo kapena kutsinzina. Woonerayo mwina ali pa benchi pachipatala kapena pampando wa mu ofesi, ndipo masekondi amene angathere pokonza kakhalidwe ndi omwewo amene akanapumira. Ena akatsinzina amachita mantha, choncho nkhani ya maso ndi bwino kuisiya m'manja mwawo.

Pa sekondi 11: "Musasinthe kapumidwe kanu. Pezani pomwe mpweya ukumveka bwino, pamphuno kapena pamimba." Malo awiriwa sanatoledwe mwachisawawa. Amene amatsatira njira ya S. N. Goenka amayamba ndi kumva mpweya pakhomo la mphuno ndi pamwamba pa mlomo. Amene amatsatira Mahasi Sayadaw wa ku Myanmar amayang'anira kukwera ndi kutsika kwa mimba. Kwa woyamba kumene, mimba nthawi zambiri imapezeka msanga chifukwa imayenda moonekera, ndipo angaikepo dzanja. Pamphuno mpweya umamveka mopepuka, wozizirira polowa, wofundira potuluka, ndipo munthu wa chimfine sangaupeze n'komwe. Tampatsa malo awiri okha. Mukatchula asanu, mphindi yonse amaithera posankha.

Kenaka, kuchokera pa sekondi 18 mpaka 28, palibe amene akulankhula. Masekondi khumi a chete pa vidiyo amaoneka aatali ngati njira ya ku chigayo, ndipo wojambula aliyense amayabwidwa m'manja kuti aikepo kanthu. Koma tawerengani. Munthu amene amapuma maulendo 15 pa mphindi amatenga masekondi anayi pa mpweya umodzi, kulowa ndi kutuluka. M'masekondi khumi apuma kawiri ndi theka basi. Mukadula chete ameneyu kufika pa masekondi atatu, ndiye kuti wophunzira sanamalize ngakhale mpweya umodzi ali yekha, ndipo chimene wachita m'kavidiyo konse ndi kumvetsera inu, osati mpweya wake.

Pa sekondi 28: "Mpweya uno ndi wautali kapena waufupi? Ingouzindikirani, musaukonze." Awa ndi masitepe awiri aja a m'malemba, atavala zovala za masiku onse. Funso limapatsa maganizo kantchito kakang'ono kogwira, ndipo yankho lililonse ndi lolondola. Olemba ena pamalo pano amaika kuwerenga, ndipo nawonso ali ndi pogwira. Buku la Visuddhimagga, limene Buddhaghosa analemba ku Sri Lanka m'zaka za m'ma 400, limalangiza woyamba kuti aziwerenga mpweya, koma asalekezere pansi pa zisanu ndipo asapitirire khumi. Chifukwa chake n'chakuti manambala ochepa kwambiri amapanikiza maganizo ngati ng'ombe zodzadzana m'khola laling'ono, pomwe ochuluka amachititsa munthu kutsata nambala n'kuiwala mpweya. Kuwerenga kumathandiza pamene munthu akuwerenga yekha. Mtsogoleri akamawerenga mokweza, amakhala akuwerenga kapumidwe kake iyeyo, ndipo womvera wa chifuwa chaching'ono amayamba kuthamangira kapena kubanika kuti afanane naye. N'chifukwa chake m'mphindi imodzi ine ndimakonda funso kuposa nambala.

Pamatsatira chete wina wa masekondi 9, ndipo m'kati mwake chinthu chimodzi chimachitika kwa pafupifupi aliyense. Maganizo amachoka. Amapita ku ngongole, ku ndiwo za madzulo, ku mawu amene wina anakulankhulani dzana. Choncho pa sekondi 42 pamabwera chiganizo chimene sindingalole kuti chichotsedwe ngakhale nthawi itachepa motani: "Ngati maganizo anathawa, mwawapeza. Bwererani pa mpweya wotsatira." Kumbukirani kuti sati ndi kukumbukira. Nthawi imene munthu wadzidzimuka n'kuzindikira kuti anali kutali, imeneyo ndiyo nthawi imene sati yagwira ntchito. Woyamba sadziwa zimenezi. Iye amayesa kuti walephera, makamaka ngati anamvapo mavidiyo ouza anthu kuti achotse maganizo onse m'mutu, chinthu chimene palibe angachite mwa kulamulidwa. Akapanda kuuzidwa kuti kuthawa ndi kubwerera ndiwo maphunzirowo, amatseka foni akunena kuti zimenezi si za iye, ndipo sabwereranso. Tanena kuti mpweya wotsatira, osati mpweya chabe, kuti tisamubwezere ku zimene waphonya.

Masekondi asanu ndi limodzi a chete, kenaka pa sekondi 53: "Belu likatha kulira, pitirizani ntchito yanu." Belu lachiwiri limalira mpaka mapeto. Mawu onse ndi 41, ndipo powanena mosathamanga amatenga masekondi pafupifupi 25. Masekondi 35 otsalawo ndi a belu ndi chete. Muyezo wabwino woyesera kavidiyo kalikonse kotere ndi umenewu: tengani wotchi, werengani masekondi amene wotsogolera ali duu. Akapanda kufika theka la mphindi, mawu achuluka. Yesaninso kuwawerengera mnzanu amene sanachitepo, kenaka mum'funse kuti anamva mpweya pati. Akaloza pamphuno kapena pamimba, mawuwo agwira. Akayankha kuti mawu anu anali okoma, mwalemba ndakatulo.

Mapeto ali ndi msampha wake. Mapulogalamu ambiri a mavidiyo afupi amabwereza kavidiyo kokha kakatha, kapena amakuponyerani kena kaphokoso. Amene waika foni pansi angadzidzimutsidwe. Wopanga wanzeru amachita kuti mapeto ndi chiyambi zikumane pa belu, kuti ngakhale kabwereze, munthu angopezeka wayamba mphindi yachiwiri mwakachetechete. Pempho lakuti anthu akonde kapena agawane kavidiyoko lisalowe m'masekondi 60 amenewa.

Sikuti aliyense mpweya umamukhazika mtima pansi. Munthu wodwala mphumu, kapena amene amagwidwa ndi mantha odzidzimutsa mpaka kubanika, kapena amene anakumana ndi zoopsa zokhudza kutsamwitsidwa, angaone kuti kuyang'anira mpweya kukumuwonjezera nkhawa. Chizindikiro chake n'chakuti chifuwa chimalimba, mtima umathamanga, ndipo amayamba kupuma ngati akuchita kukumbutsa thupi. Woteroyo asadzikakamize. Atsegule maso, amve mapazi ake pansi kapena amvetsere phokoso la panja, pakuti chiphunzitso cha Satipatthana chimaphunzitsanso kuzindikira thupi poyenda, poima, pokhala ndi pogona. Chenjezo limeneli silikwana m'mawu 41 aja, choncho malo ake ndi m'mawu olembedwa pansi pa kavidiyo, pamodzi ndi kunena poyera kuti mwambowu ndi wochokera ku Chibuda, kuti Mkhristu kapena Msilamu amene akuonera asankhe akudziwa chimene akuyesa.