Kuonetsa Zithunzi za M'foni pa Wailesi ya Kanema Popanda Nthambo

Foni ya masiku ano imatha kutumiza zithunzi zake pa wailesi ya kanema kudzera pa Wi-Fi, popanda nthambo yolumikiza ziwirizi. Pa zochitika za pabanja, monga Khirisimasi kapena tsiku lotsatira chinkhoswe, njira imeneyi imathetsa vuto lodziwika bwino: kafoni kamodzi koyendayenda m'manja mwa anthu makumi awiri, agogo akudandaula kuti nkhope sizikuoneka, ana akulimbirana, mwini foni ali ndi nkhawa kuti chala cha wina chipitirira n'kufika pa zithunzi zosayenera kuonedwa. Ntchito yolumikizayo siitenga nthawi. Ikakanika, kawirikawiri sikuti chinachake chawonongeka ayi, koma foni ndi kanemayo zikulankhula zinenero zosiyana.

Zinenero zimenezi zilipo zitatu zikuluzikulu. Choyamba ndi Miracast, njira imene bungwe la Wi-Fi Alliance linakhazikitsa mu 2012. Foni ndi kanema zimalumikizana zokhazokha, popanda rauta pakati, ndipo sipafunika intaneti kapena bandulo. Chachiwiri ndi Google Cast, chimene anthu ambiri amachidziwa ndi dzina la kachipangizo ka Chromecast kamene kanatuluka mu 2013, ndipo chimapezeka m'makanema oyendera Android TV kapena Google TV. Chimenechi chimafuna kuti foni ndi kanema zikhale pa netiweki imodzi ya Wi-Fi, komanso chimadalira intaneti. Chachitatu ndi AirPlay cha kampani ya Apple, chomwe iPhone imagwiritsa ntchito. iPhone siidziwa Miracast konse, chimodzimodzinso mafoni a Pixel a Google. Choncho funso loyamba asanakhudze batani lililonse ndi lakuti: foniyi imalankhula chiti, nanga kanemayu amamva chiti?

Kwa nyumba imene mulibe Wi-Fi, Miracast ndiyo yothandiza kwambiri. Chovuta chake n'chakuti dzina limeneli silioneka kawirikawiri, chifukwa kampani iliyonse inaipatsa dzina lakelake. Pa mafoni a Samsung imatchedwa Smart View. Pa mafoni ena a Android imalembedwa kuti Cast, Wireless display kapena Wireless Projection. Pa kanema wa LG ndi Screen Share, pa Samsung wakale ndi Screen Mirroring, pomwe pa Hisense ndi Screen Sharing kapena Anyview Cast. Mayina ambiri, koma chinthu ndi chimodzi, ndiye foni ya Samsung imatha kugwirizana ndi kanema wa Hisense popanda vuto.

Chitsanzo chingakhale banja limene lasonkhana madzulo kuti lione zithunzi za ukwati wa mwana wawo. Pabalaza pali kanema wa Hisense wa mainchesi 43, zithunzi zili mu foni ya Samsung Galaxy, ndipo m'nyumbamo mulibe rauta. Ntchito imayambira pa kanema, osati pa foni. Wogwira rimoti amadina batani la Input, lomwe lija amasinthira akafuna dikoda, n'kusankha Screen Sharing. Kanemayo amaonetsa dzina lake ndipo amakhala akudikira. Tsamba limeneli liyenera kukhalabe lotsegula, pakuti makanema ambiri saoneka kwa foni akakhala pa tchanelo wamba. Apa m'pamene anthu ambiri amaphonyera, n'kumadabwa kuti foni ikungofufuza osapeza kanthu.

Kenako mwini foni amayatsa Wi-Fi, ngakhale palibe netiweki yoti alumikizeko, chifukwa ndi mafunde a Wi-Fi amene anyamule zithunzizo. Hotspot ikakhala yoyaka aizimitse, popeza mafoni ambiri sachita ntchito ziwirizi nthawi imodzi. Akatero amatsetsereza chala kuchokera pamwamba pa sikirini kawiri, n'kudina Smart View. Pakapita kamphindi dzina la kanema limatulukira. Akalidina, foni imafunsa chilolezo ndi mawu akuti Start now, ndipo nthawi zina kanemayo amafunsanso, pamene wa rimoti amasankha Allow. Ndi bwino kuwerenga dzinalo mosamala. M'nyumba zogundizana khoma, kanema wa anansi amathanso kuoneka pa mndandandawo.

Zikalumikizana, kanema amasanduka galasi la foni. Chilichonse chimene chili pa sikirini ya foni chili pa khoma pamaso pa aliyense, ndipo mbali imeneyi ndiyo yofunika kuisamala kuposa mabatani onse. Uthenga wa WhatsApp ukafika, dzina la wotumiza ndi mzere woyamba zimaoneka m'zilembo zazikulu, apongozi ali pompo. Uthenga wa ku banki kapena wa ndalama za pafoni umaonekanso chimodzimodzi, mpaka ndalama zotsala. Mankhwala ake ndi kuyatsa Do not disturb asanalumikize, n'kuonetsetsa kuti yakhazikitsidwa mobisa mauthenga, osati kungoletsa kulira kokha. Foni ikadzitseka pakati pa chionetsero, wanzeru amayamba wadula kulumikizana asanalembe nambala yachinsinsi. Kupewa zonsezi n'kutalikitsa nthawi ya Screen timeout kufika mphindi zisanu kapena khumi, pakuti chithunzi chimodzi cha malume akuvina chimatha kukambidwa nthawi yaitali foni ili chikhalire.

Chinanso chochita masana, alendo asanafike, ndi kusonkhanitsa zithunzi zoti zionetsedwe mu alubamu imodzi mkati mwa Gallery. Phindu lake lili pawiri. Chala sichingasochere n'kufika pa chithunzi cha chitupa cha ku chipatala kapena lisiti ya ngongole, komanso oonera satopa. Munthu amene anajambula zithunzi 400 pa ukwati amakhala ndi khumi zofanana za keke yomweyo. Zithunzi 60 zosankhidwa bwino, chilichonse chitakhala pa kanema theka la mphindi, zimadya kale theka la ola, ndipo pa nthawi imeneyo nsima imakhala itapsa.

Maonekedwe a chithunzi pa kanema amadalira kagwiridwe ka foni. Sikirini ya kanema ndi yopingasa, mulifupi 16 pa msinkhu 9. Foni ikagwiridwa choimirira, pa kanema pamaoneka kamzere kochepa pakati, mbali zonse ziwiri kuli bii. Kuyatsa Auto rotate n'kugoneka foni chopingasa kumachititsa kuti chithunzi chikule. Zithunzi zambiri za pafoni zimajambulidwa pa muyezo wa 4 pa 3, choncho timizere takuda timatsalabe m'mbali, ndipo si vuto. Chithunzi chimene chinajambulidwa foni ili choimirira sichifika ngakhale theka la mulifupi wa kanema, ndipo palibe chochitira kupatula kuchikulitsa ndi zala ziwiri kuti nkhope zionekere. Kanema amaululanso chimene foni imabisa. Chithunzi chochokera mu kamera mwachindunji chimaoneka bwino, pakuti kanema wa Full HD ali ndi timadontho pafupifupi 2 miliyoni pomwe kamera ya foni imajambula timadontho 12 miliyoni kapena kuposa. Koma chimene chinafika kudzera pa WhatsApp chinachepetsedwa kale, ndipo pa sikirini yaikulu chimatha kuoneka chachimbuuzi. Amene ali ndi zithunzi zenizenizo ndiye woyenera kulumikiza foni yake.

Zinthu zimasintha msuweni wochokera ku Joni akatulutsa iPhone yake. Pa foni imeneyi batani lake ndi Screen Mirroring, lopezeka mu Control Centre, koma limangoona makanema amene ali ndi AirPlay, monga ambiri a Samsung, LG ndi Sony a kuyambira cha m'ma 2019. Limafunanso kuti foni ndi kanema zikhale pa netiweki imodzi. Popanda rauta, foni ya munthu wina imayatsa Hotspot, kanema ndi iPhone zonse n'kulumikizidwa pamenepo. Kanema amaonetsa manambala anayi oti alembedwe pa iPhone, basi zatheka. Zithunzizo zimayenda m'nyumba momwemo osadya bandulo, komabe pali msampha. iPhone ndi kanema zimaona Hotspot ija ngati Wi-Fi wamba, ndiye zimatha kuyamba kukopa mapulogalamu atsopano kapena kutumiza zithunzi ku malo osungira a pa intaneti mwakachetechete. Mwini Hotspot amadzazindikira bandulo itatha. Kanema wa msuweni akakhala wopanda AirPlay, njira yachidule n'kusamutsa zithunzizo kupita ku foni imene yalumikizidwa kale.

Kumene kuli Wi-Fi ndi kanema wa Google TV kapena Chromecast, pulogalamu ya Google Photos ili ndi ubwino umene galasi lija lilibe. Kudina kachizindikiro ka Cast mkati mwa pulogalamuyi kumatumiza chithunzi chokhacho chimene chatsegulidwa. Mauthenga ofika pa foni saoneka pa kanema. Pa nkhani ya chinsinsi, njira imeneyi ndiyo yabwino koposa, kungoti imafuna intaneti.

Nanga kanema wakale wosadziwa Wi-Fi? Ngati ali ndi polowetsa pa HDMI, kachipangizo kotchipa ka mtundu wa AnyCast kamathetsa nkhaniyo. Kamalowetsedwa kumbuyo kwa kanema, n'kupatsidwa moto kudzera pa USB, ndipo foni imakhalabe yopanda nthambo. Tambiri mwa timeneti tili ndi kabatani kosinthira pakati pa Miracast ndi AirPlay, choncho foni ikalephera kukaona, choyamba kuona n'chakuti kali mbali iti. Kakamazima n'kuyakanso kokha, ndiye kuti USB ya kanema siikukapatsa moto wokwanira, ndipo tchaja ya foni ya 5V yolumikiza ku soketi imakonza zimenezo.

Mavuto otsala amadziwika ndi zizindikiro zake. Chithunzi chikamachedwa pang'ono kusintha chala chitadutsa kale, ndi mmene njirayi imagwirira ntchito. Chikamasweka kukhala timabokosi kapena kuuma, mafunde akufooka: mwini foni ali patali, pali khoma pakati, kapena khamu la anthu laima kutsogolo, pakuti matupi a anthu amatchinga mafunde a Wi-Fi. Kukhala pa mpando wa mamita awiri kapena atatu kuchokera pa kanema kumathandiza. Kulumikizana kukamaduka pafupipafupi, Power saving ikhoza kukhala ikuzimitsa Wi-Fi, ndiye aizimitse. Ngati dzina la kanema likuoneka koma zikukana kugwirana, kuzula kanema pa soketi kwa mphindi imodzi n'kuyatsanso Wi-Fi ya foni kumathetsa nthawi zambiri. Pa AirPlay ndi Google Cast, netiweki ya alendo ya pa rauta imaletsa zipangizo kuonana, choncho zonse ziwiri zikhale pa netiweki yaikulu.

Kuonetsa motere kumadya batire msanga ndipo foni imatentha, chifukwa sikirini ili choyaka ndipo foni ikutumiza zimene zili pa sikirini mosalekeza. Batire yodzaza imakwanira chionetsero cha ola limodzi. Pomaliza, mwini foni ayenera kudina Disconnect kapena Stop Mirroring, chifukwa kungotuluka mu Gallery sikudula kulumikizana, ndipo chilichonse chimene atsegule pambuyo pake chimaonekabe pa kanema.