Kukana msonkhano koma ntchito n'kumayendabe

Tiyerekeze kuti ndinu wowerengera ndalama pa ofesi, ndipo mwezi ukutha. Mkulu wa nthambi ina wakuitanani ku msonkhano wa maola awiri wa Lachinayi, pamene gawo lanu ndi limodzi lokha: kunena ndalama zomwe zatsala pa bajeti ya mafuta a galimoto. Mukapita, malipiro a antchito achedwa. Mukangoti zii, aganiza kuti mukuwanyoza.

Yambani mwaona mndandanda wa zokambirana. Ngati akufuna kwa inu nambala chabe, kalata ikwanira. Ngati pali funso lofuna kuyankhana, lamya ya mphindi khumi ithandiza. Koma ngati pakagamulidwe za ndalamazo, kapena wakuitanani ndi bwana wanu weniweni, pitani, mwina mupemphe kuti gawo lanu likhale loyamba.

Yankhani tsiku lomwelo, musadikire m'mawa wa msonkhano. Mungalembe motere: "Zikomo bambo pondiitana. Pepani, Lachinayi sindikwanitsa kubwera chifukwa ndikukonza malipiro. Ndikutumizirani lipoti la mafuta Lachitatu isanakwane 10 koloko m'mawa. Pakakhala mafunso, ndingakuimbireni masana ake."

Ambiri amalakwitsa polemba kuti "tidzalankhulana" osatchula tsiku, ndipo nkhani imafera pomwepo. Lipotilo likhale lalifupi: zomwe zagwiritsidwa ntchito, zomwe zatsala, ndi chomwe mukufuna kuti agamule. Akakuimbirani msonkhano uli mkati kufunsa zomwezo, dziwani kuti lipoti lanu silinamveke.