Mapiritsi a Tulo ndi Mowa: Chifukwa Chake Zikakumana M'thupi Mpweya Umachepa

Mapiritsi ogonetsa tulo ndi mowa zimachita chinthu chofanana m'thupi la munthu: zonse zimachepetsa liwiro limene ubongo umagwirira ntchito. Munthu akamwa chimodzi chokha pa mlingo woyenera, ubongo umafooka pang'ono koma umapitirizabe kuyang'anira zinthu zofunika pa moyo, monga kupuma. Akamwa zonse ziwiri usiku umodzi, kufookako kumafika mpaka pa mbali ya ubongo imene imalamula mapapo. Munthu amagona tulo tozama kwambiri, kupuma kwake kumachedwa, ndipo thupi limalephera kumudzutsa pamene mpweya wayamba kumuperewera. Ngoziyi imatheka ngakhale pamene mlingo wa mankhwalawo ndi womwewo umene dokotala analemba.

Mankhwala amene akukhudzidwa

Gulu lodziwika kwambiri la mankhwala ogonetsa ndi la benzodayazepini. M'gululi muli dayazepamu, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lamalonda lakuti Valiyamu, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1963. Mulinso lorazepamu ndi temazepamu. Gulu lina ndi la mapiritsi a tulo atsopanoko monga zopidemu ndi zopikiloni. Palinso fenobabitoni, mankhwala akale amene m'zipatala za ku Malawi amaperekedwa kwa odwala khunyu. Ena sanapangidwire tulo koma amawodzeretsa, ndipo anthu amawamwa kuti agone: piritoni wa chimfine ndi ziwengo, purometazini ndi amitiriputilini. Atatu omalizawa amagwira ntchito mosiyana ndi enawo, komabe nawonso amawonjezera tulo ta mowa.

Zimene zimachitika mu ubongo

Maselo a mu ubongo amatumizirana mauthenga nthawi zonse. Mauthenga ena amauza selo kuti ligwire ntchito, ena amaliuza kuti liime. Uthenga waukulu woimitsa umanyamulidwa ndi mankhwala achilengedwe a mu ubongo otchedwa GABA. GABA akafika pa selo, amatsegula kakhomo kakang'ono kolowetsa mchere wa kuloraidi, ndipo selolo limakhala bata. Tingati GABA ndiye mabuleki a ubongo.

Dayazepamu satsegula kakhomoko mwa iye yekha. Iye amangochititsa kuti kazitseguka pafupipafupi GABA akafika. Ndicho chifukwa chake dayazepamu womwedwa payekha ndi munthu wathanzi kawirikawiri amagonetsa popanda kuimitsa kupuma: mphamvu yake ili ndi malire. Fenobabitoni ndi woopsa kuposa pamenepo, chifukwa amachititsa kakhomoko kukhala kotseguka nthawi yaitali, ndipo akachuluka amakatsegula yekha popanda GABA.

Mowa nawo umawonjezera mphamvu ya GABA, koma suthera pomwepo. Umafooketsanso gulutameti, amene amanyamula uthenga wodzutsa maselo. Choncho mowa ukakumana ndi piritsi la tulo, mabuleki amapondedwa kawiri, ndipo nthawi yomweyo mphamvu yoyendetsa imachepetsedwa. Malire amene amateteza munthu womwa dayazepamu yekha amachoka. Piritsi limodzi limene masiku onse limangobweretsa tulo limatha kukomola munthu amene wamwa mowa.

Mmene kupuma kumafookera

Munthu sapuma chifukwa chokumbukira kupuma. Kumunsi kwa ubongo, pamene umalumikizana ndi msana, kuli mbali imene imayeza mpweya woipa wa kaboni dayokisaidi m'magazi usana ndi usiku. Mpweyawu ukachuluka, mbaliyo imalamula minofu ya pachifuwa kuti ipume mozama ndiponso mofulumira. Munthu wamkulu amene wangokhala amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi.

Mowa ndi mapiritsi a tulo zimasokoneza dongosololi m'njira zitatu zimene zimachitikira pamodzi. Yoyamba ndi yakuti mbali yoyeza ija imagontha. Mpweya woipa umachuluka m'magazi koma lamulo lopuma kwambiri silituluka. Kupuma kumakhala kwapamwambamwamba ndi kotalikirana. Mpweya woipawo ukafika pochuluka zedi, nawonso umagonetsa ubongo, motero vutolo limadzikulitsa lokha.

Yachiwiri imakhudza njira ya mpweya. Minofu ya lilime ndi ya kummero imalobodoka. Munthu akagona chagada, lilime limagwera kumbuyo n'kutseka njira. Apa ndi pamene pamachokera mkonono waukulu wodukizaduka. Kwa munthu amene ali bwinobwino, njira ikatsekeka ubongo umamudzidzimutsa, iye n'kutembenuka ndi kupuma. Kwa amene wasakaniza mowa ndi mapiritsi, kudzidzimukako kumachedwa kapena sikuchitika n'komwe.

Yachitatu ndi masanzi. Mowa umanyansitsa m'mimba n'kuchititsa kusanza, pamene mankhwalawo afooketsa kale kutsokomola kumene kumateteza mapapo. Masanzi amatha kutsika kupita m'mapapo, n'kutsamwitsa munthu nthawi yomweyo kapena kuyambitsa chibayo choopsa patapita masiku. Ubongo ukasowa okosijeni kwa mphindi zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi, maselo ake amayamba kufa, ndipo akafa sabwereranso.

Nthawi imanyenga

Anthu ambiri amaganiza kuti ngozi ilipo pokhapokha munthu akamezera piritsi ndi mowa. Chiwindi sichifulumira chotero. Botolo la mowa la mamililita 330, wamphamvu ya 5 peresenti, limakhala ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni, pamene chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa magalamu 7 mpaka 10 okha pa ola.

Mwachitsanzo, bambo amene wamwa mabotolo asanu kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 10 koloko usiku walowetsa m'thupi magalamu pafupifupi 65. M'maola anayiwo chiwindi chachotsa magalamu 30 kapena 40, ndipo otsalawo akadali m'thupi. Wina mwa mowa wa m'botolo lomaliza akadali m'mimba, sunalowe m'magazi. Bamboyo akafika kunyumba n'kumwa piritsi la dayazepamu, mankhwalawo amafika pachimake m'magazi patatha pafupifupi ola limodzi. Nthawi imeneyo iye amakhala atagona kale, am'nyumba nawonso ali m'tulo, ndipo palibe amene akumva mmene akupumira. Ngati anamwa kachasu, nkhani imavutirapo chifukwa mphamvu ya kachasu imasiyana malinga ndi wotcheza, ndipo womwa sadziwa kuchuluka kwa mowa umene walowetsa m'thupi.

Zimachitikanso motembenuka. Dayazepamu amakhalitsa m'thupi: kuti theka lake lichoke pamatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo chiwindi chimamusandutsa mankhwala ena amene nawonso amagonetsa kwa masiku angapo. Mowa wochuluka womwedwa nthawi imodzi umachedwetsanso chiwindi pa ntchito yochotsa mankhwalawa. Choncho munthu amene anamwa piritsi dzulo usiku akadali nalo m'magazi pamene akumwa mowa lero masana. Kwa womwa fenobabitoni tsiku ndi tsiku, palibe ola limene mankhwalawo amakhala atachoka m'thupi.

Nkhani ina yodziwika yokhudza ngoziyi ndi ya Karen Ann Quinlan wa ku New Jersey, m'dziko la America. Mu Epulo 1975, ali ndi zaka 21, anakomoka atamwa mowa pamodzi ndi mankhwala oziziritsa mtima, atakhala masiku angapo akudya pang'ono kwambiri. Anzake anamugoneka kuti apume, koma atabwerera anapeza kuti wasiya kupuma. Ubongo wake unawonongeka kotheratu. Anakhala chikomokere zaka khumi mpaka anamwalira ndi chibayo mu 1985.

Amene ali pachiopsezo chachikulu

Okalamba ndiwo oyamba, chifukwa chiwindi chawo chimachedwa kuchotsa mankhwala ndipo ubongo wawo sulimba nawo. Otsatira ndi odwala mphumu kapena matenda ena a m'mapapo okhalitsa, odwala chiwindi, ndiponso anthu amene amaliza mkonono kwambiri n'kumadukiza kupuma ali m'tulo. Ngozi imakula kuposa apa ngati munthu akumwanso mankhwala amphamvu opha ululu monga mofini, kodini kapena tiramado, chifukwa amenewa amachepetsa kupuma kudzera m'njira yawoyawo.

Pali chinthu chinanso chimene chimawonjezera tsoka. Mowa ndi mapiritsiwa zimafafaniza chikumbumtima cha zimene zangochitika kumene. Munthu amatha kuiwala kuti wamwa kale piritsi, n'kumwanso lina. Kuzolowera mowa sikuteteza: chidakwa chimatha kuoneka cholimba, chosadzandira msanga, koma zimenezi sizitanthauza kuti kupuma kwake n'kotetezeka.

Kusiyanitsa tulo ndi kukomoka

Munthu wogona tulo wamba amadzuka akaitanidwa mokweza kapena akagwedezedwa paphewa. Amene ali pangozi sadzuka, kapena amangong'ung'udza n'kubwereranso. Kupuma kwake kuwerengedwe kwa mphindi yathunthu poyang'ana chifuwa. Ngati kukuchepera maulendo 10, kapena pakumadutsa masekondi 10 asanapumenso, zinthu zafika poipa. Zizindikiro zina ndi milomo, lilime ndi zikhadabo zotuwa kapena zobiriwira moderako, khungu lozizira ndi lonyowa, kulira kwa malovu kummero ndiponso kusanza osadzuka. Mkonono si umboni wakuti munthu akugona bwino. Mkonono waukulu ukasiya mwadzidzidzi, chifuwa chiyang'anidwe nthawi yomweyo.

Zoyenera kuchita

Munthu wotere agonekedwe chammbali, bondo lapamwamba litapindidwa kuti asagubuduke, mutu utapendekera kumbuyo pang'ono ndipo kamwa litaloza pansi kuti masanzi atuluke. Asasiyidwe yekha kuti mowa umuthere. Asamwetsedwe mkaka, tiyi, khofi kapena madzi a mchere, ndipo asakakamizidwe kusanza, chifukwa munthu amene sakutha kumeza bwino zonsezi zimalowa m'mapapo. Kumuthira madzi ozizira sikuchotsa mankhwala m'magazi, kumangomuziziritsa thupi. Atengeredwe kuchipatala msanga ali chigonere chammbali, ndipo operekeza anyamule paketi ya mankhwala amene wamwa n'kunena zoona za mowa ndi nthawi imene anamwa. Ngati wasiya kupuma, wodziwa chithandizo choyamba ayambe kumupsinja pachifuwa ndi kumuuzira mpweya.

Kuchipatala ntchito yaikulu ndi kutsegula njira ya mpweya, kupereka okosijeni ndi kuthandiza kupuma mpaka thupi litachotsa mankhwalawo. Alipo mankhwala otchedwa fulumazenili amene amathetsa mphamvu ya dayazepamu, koma sachita kanthu pa mowa, ndipo amatha kuyambitsa kugwa ngati kwa khunyu mwa anthu amene anazolowera mapiritsiwa. Mankhwala othetsa mphamvu ya mowa kulibe.

Chitetezo chenicheni ndi kusasakaniza. Amene wamwa mowa asamwe piritsi la tulo usiku umenewo, ndipo amene walemberedwa mankhwalawa apewe mowa nthawi yonse imene akuwamwa komanso masiku angapo atamaliza. Wodwala khunyu asadumphitse fenobabitoni n'cholinga chakuti amwe mowa. Chofunika kusiya ndi mowawo. Amene wakhala akumwa mapiritsi a tulo kwa milungu yambiri, kapena mowa wambiri tsiku lililonse, asasiye mwadzidzidzi, chifukwa ubongo umene unazolowera zinthuzi umatha kuyambitsa kunjenjemera, kusokonezeka mutu ndi kugwa. Kusiya kwa munthu wotere kumachitika pang'onopang'ono, motsogozedwa ndi dokotala.