Pemphero la Madandaulo la Kholo Limene Lataya Mwana

Pemphero la madandaulo ndi pemphero limene munthu wosweka mtima amauza Mulungu ululu wake ndi mkwiyo wake mosabisa kanthu. Gwero lake ndi buku la Masalimo. Mwa masalimo 150, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi a mtundu umenewu. Palibe salimo limene limanena mwatchutchutchu kuti linalembedwa pa imfa ya mwana, komabe makolo ofedwa amapezamo njira yolankhulira pamene pakamwa pauma.

Baibulo silibisa kulira kwa makolo. Mu 2 Samueli 12, Davide anasala kudya nagona pansi kupempherera khanda lake, koma linamwalira tsiku lachisanu ndi chiwiri. Mu Yeremiya 31, Rakele akulirira ana ake ndipo akukana kutonthozedwa. Mneneriyo sakumuyesa wochimwa chifukwa chokanako.

Pemphero lotere limayamba ndi kuitana Mulungu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Wong'ung'udza amanena za Mulungu kwa anthu ena, koma wodandaula amalankhula ndi Mulunguyo maso ndi maso, n'kumutchula kuti “Inu”. Ngakhale mawu ake awawe chotani, sanamufulatire, pakuti munthu sakalipira amene wamutaya kale mumtima.

Kenako pamabwera dandaulo lenileni, lomwe ndi gawo lalitali koposa. Tiyerekeze mayi amene mwana wake wazaka zitatu wamwalira ndi malungo. Mayiyo sanena chabe kuti ali m'mavuto. Amatchula zimene zinachitika: thupi linatentha usiku, anamubereka kumsana kuthamangira kuchipatala, anapemphera njira yonse. Amatchula kambale kamene akupitirizabe kutulutsa nthawi ya nsima, ndi nsapato zimene zikadali kuseri kwa chitseko. Akhoza kunena kuti: “Ndinu amene munandipatsa mwanayu. Ndinakudandaulirani ali kumsana kwanga, ndipo munakhala chete. Munali kuti m'mawa uja?” Alakatuli achiheberi ankakonda kunena ganizo limodzi kawiri, mzere wachiwiri ukulemera kuposa woyamba, ndipo kubwerezaku kumagwirizana ndi mmene mtima wa namfedwa umabwererabwerera pamalo amodzi.

Ambiri amaopa kuti kufunsa Mulungu chonchi n'kumuchitira mwano. Masalimo sakuona choncho. Salimo 13 limafunsa kanayi konse za kutalika kwa nthawi imene Mulungu wakhala osayankha. Salimo 44 limafika pomudzutsa ngati wagona. Mapemphero amenewa sanatayidwe; anasungidwa ndipo ankaimbidwa popembedza.

Gawo lachitatu ndi pempho. Limavuta kwambiri kwa kholo, chifukwa chimene likufunitsitsa, kuti mwanayo abwerere, sichingatheke. N'chifukwa chake pempho loona limakhala laling'ono: tulo ta usiku umodzi, mphamvu zosambitsira ana otsala, kapena kungoti Mulungu amve.

Masalimo ambiri a madandaulo amatha ndi mawu achikhulupiriro kapena lonjezo la kutamanda. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa kawirikawiri, pothamangitsira namfedwa ku mathero amenewo. Pa siwa pamamveka mawu oti “musalire, n'chifuniro cha Mulungu”, kapena “mukadali achichepere, mudzaberekanso”. Onenawo amafuna zabwino, koma mawuwo amatseka pakamwa munthu amene sanatsirize kulankhula. Chizindikiro cha pemphero lothamangitsidwa n'chakuti limangobwereza mawu a kutchalitchi, silitchula dzina la mwanayo, ndipo wopempherayo amadzuka chifuwa chili chikhalire cholemera. Salimo 88 limathandiza pamenepa. Limanena kuti Mulungu yemweyo ndiye wachotsa abwenzi a wopempherayo, ndipo limathera mumdima popanda liwu lililonse lotamanda. Kholo limene silingathe kuthokoza lero likhoza kulekezera pamenepo, ndipo lakhala litapemphera ndithu.

Palinso chifukwa china chimene pempheroli likufunikira kwathu kuno. Mkwiyo ukasowa kolowera umafuna munthu woti umugwere. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, zala zimalozedwa kwa agogo okalamba kuti ndi mfiti, kapena bambo amaloza mayi kuti anachedwa kupita kuchipatala, banja n'kugwedezeka. Madandaulo amatengera mkwiyowo kwa Mulungu, amene angathe kuusenza osavulala.

Pempheroli lili ndi malire ake. Silifotokoza chifukwa chimene mwanayo wafera, ndipo sililowa m'malo mwa thandizo la kuchipatala ngati namfedwa wakhala masabata ambiri osadya, osagona, kapena akuganiza zodzipha. Zikatero abale amuperekeze msanga kwa achipatala kapena alangizi. Ntchito ya abusa, amvano ndi anansi pamene kholo likupemphera motere ndi kukhala nalo pamphasa osalikonza mawu. Anzake a Yobu, amene ana ake khumi anafa tsiku limodzi, anakhala naye chete masiku asanu ndi awiri; atayamba kulongosola chifukwa cha tsokalo ndi pamene analakwa, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anadzudzula iwowo, nati Yobu wodandaula uja ndiye ananena zoona za Iye.