Nambala zikakula mopanda malire, yang'anani pawa yaikulu

Tiyerekeze kuti telala wagula makina osokera pa K300,000, ndipo nsalu ndi ulusi wa yunifolomu imodzi zimamudyera K5,000. Akasoka yunifolomu khumi zokha, iliyonse yamudyera K35,000, poti ndalama ya makina ija ikugawidwa pa zovala zochepa. Akasoka 100, iliyonse ikhala pa K8,000. Akafika 1,000, mtengo watsikira pa K5,300. Ukutsika ndithu, koma ngakhale asoke mpaka kumera imvi, sudzafika pa K5,000 ndendende, ndipo sudzatsika kupitirira pamenepo.

Pa masamu, nkhani ya telalayu imalembedwa motere: (5000x + 300000)/x, pomwe x ndi chiwerengero cha yunifolomu. Nambala 5,000 imene mtengo ukuyandikira ija imatchedwa limiti. Ndipo ponena kuti x akungokulirakulira osaima, amati akulowera ku infiniti, chizindikiro chake ndi ∞. Chizindikirochi anayamba kuchigwiritsa ntchito ndi John Wallis wa ku Mangalande mu 1655, pomwe tanthauzo lomveka bwino la limiti linakhazikika ndi buku la Augustin-Louis Cauchy, limene linatuluka ku Paris mu 1821. Koma chenjerani msanga: infiniti si nambala. Simungaiike m'malo mwa x n'kuwerengera ngati mmene mungachitire ndi 7.

Za telala zija n'zosavuta, poti pansi pali x yekha. Tiyeni titenge ina yokulirapo, yokhala ndi zigawo zingapo pamwamba ndi pansi pomwe:

(3x² + 5x + 1)/(2x² − 7)

Kanambala kakang'ono kali pamutu pa x ndiye pawa. x² ndi x kuchulukitsa ndi x, x³ ndi x kuchulukitsa ndi x kenako ndi x. Funso ndi lomwe lija: x akamakula, yankho likupita kuti? Pamwamba pakukula mopanda malire, pansinso chimodzimodzi. Ophunzira ambiri amagwa pomwepa. Amati infiniti kugawa ndi infiniti ndi 1, ngati kuti ndi 6 kugawa ndi 6. Ayi. Chofunika ndi liwiro limene mbali iliyonse ikukulira.

Tengani kakyuleta, ngakhale ya pa foni. Pa x = 10, pamwamba pakhala 351, pansi 193, yankho 1.82. Pa x = 100 mupeza 1.526. Pa x = 1,000 mupeza 1.5025. Zikuoneka kuti ulendowu ukathera pa 1.5, ndiye kuti 3 kugawa ndi 2.

Imani kaye pa x = 1,000 muone zimene zachitika pamwamba paja. Gawo la 3x² lafika 3,000,000. Gawo la 5x lili pa 5,000 basi. Ndipo 1 akadali 1. Tikayerekeza 3x² ndi lole ya matani 30 yonyamula matumba 600 a chimanga, 5x ndi thumba limodzi, pomwe 1 uja ndi magalamu khumi, timaso ta chimanga tosadzaza n'chikhatho chomwe. Munthu wofuna kudziwa kulemera kwa katunduyo sataya nthawi ndi timaso timeneti. Ndipo x akafika pa miliyoni, thumba lija nalonso limasanduka timaso. Pansi ndi momwemonso: 7 pambali pa 2x² ndi wosanunkha kanthu. Otsala pabwalo ndi awiri, 3x² pamwamba ndi 2x² pansi. Ma x² afafanizana, kwatsala 3/2.

Aphunzitsi a masamu sangakupatseni malikisi chifukwa cha nkhani ya lole, ndipo sakulakwa. Umboni wake ndi uwu. Gawani chigawo chilichonse, pamwamba ndi pansi, ndi pawa yaikulu ya pansi, imene pano ndi x². Zikhala chonchi:

(3 + 5/x + 1/x²)/(2 − 7/x²)

Palibe chasintha, mwangovula samuyo malaya. Tsopano 5/x ndi zinthu zisanu zogawira khamu limene likuchulukirachulukira, choncho gawo la aliyense likuyandikira ziro. 1/x² ndi 7/x² akuyandikira ziro mofulumira kuposa pamenepo. Atsala 3 pamwamba, 2 pansi. Ine ndimakonda njira imeneyi kuposa kuloweza malamulo, chifukwa ukaiwala lamulo m'chipinda cha mayeso njirayi imakubwezera lamulolo.

Mapawa aakulu akafanana, monga taoneramu, limiti imachokera ku nambala ziwiri zimene zawatsogolera. Pawa ya pansi ikaposa ya pamwamba, limiti ndi ziro, chifukwa ogawana akuchuluka mofulumira kuposa chogawidwacho. Ya pamwamba ikaposa ya pansi, palibe nambala imene yankho likaimepo, limangokula mopanda malire, kaya kukwera kaya kutsika.

Nkhani ya ziro ija ili ndi msampha umene ndaona ukukola anthu okhulupirira kwambiri kakyuleta. Onani 1000x/(x² + 1). Pa x = 10 yankho ndi 99, ndipo munthu atha kulumbira kuti samu imeneyi ilibe chibale ndi ziro. Pa x = 1,000 latsikira pafupifupi pa 1. Pa miliyoni lili pa 0.001. Nambala 1,000 ija inangochedwetsa zinthu, koma x² anapambanabe. Nambala yotsogolera ikule bwanji, singagonjetse pawa yoposa. Ndiye poyesa ndi kakyuleta musamathere pa 10 kapena 20.

Msampha wina ndi wa maso. Olemba mayeso amakonda kusokoneza ndondomeko ya zigawo, n'kulemba (4 + x − 6x²)/(2x² + 9). Wothamanga amaona 4 ali kutsogolo, agawa ndi 2, alemba 2. Koma pawa yaikulu yabisala kumapeto, ndipo yanyamula chizindikiro chochotsera. Limiti ndi −6/2, ndiye kuti −3. Chizindikiro chimenechi chimavutanso x akamalowera kumbali ya nambala za pansi pa ziro, ku −∞. Samu ya x³/(x² + 1) imachita ngati x³/x², amene ndi x yemweyo. Choncho x akamakwera nayo imakwera, x akamatsika kupyola −1,000, −1,000,000, nayo imatsika naye limodzi.

Pa girafu, limiti imaoneka ngati mzere wogona umene mzere wa samu yathu umauyandikira kutali uko. Ena amaphunzitsa kuti mizere iwiriyi sikhudzana mpang'ono pomwe. Kwa telala uja n'zoona, koma si lamulo. x/(x² + 1) ili ndi limiti ya ziro, komabe pa x = 0 yankho ndi ziro weniweni, ndipo girafu imadumpha mzerewo kuchokera pansi kupita pamwamba. Limiti imanena za kutali, za pafupi siilonjeza kanthu.

Njirayi ili ndi polekezera pake. Imagwira pamene pamwamba ndi pansi pali ma x a mapawa athunthu monga 1, 2, 3, pamodzi ndi nambala wamba. Pakalowa √ kapena 2ˣ, muyenera kusamala mwina. Mwachitsanzo √(x² + 1)/x imayandikira 1 x akamakwera, koma imayandikira −1 ku −∞, pomwe samu za mtundu wathuwu, limiti yake ikakhala nambala, imakhala imodzimodzi mbali zonse ziwiri.

Yesani iyi musanatseke magaziniyi: (7x − 5x³)/(1 + 10x³). Ngati mwapeza 7, mwakodwa mu msampha wa maso uja, bwererani mukasake pawa yaikulu. Yankho ndi −1/2.