Mwakwezedwa Kukhala Manijala? Sivi Yanu Ionetse Zipatso za Timu

Pamwamba pa sivi, pansi penipeni pa dzina, pamakhala kandime ka mizere itatu kapena inayi kofotokoza mwachidule kuti munthu ndi ndani pa ntchito. Wolemba anthu ntchito amayambira pamenepo, ndipo makalata akachuluka nthawi zina amalekeranso pomwepo. Koma ambiri akakwezedwa amangosintha dzina la udindo, kandime kaja n'kukasiya momwe kanalili. Wowerenga amaona manijala amene akudzitamabe ndi ntchito ya manja ake, ngati kochi wonyadira zigoli zimene ankamwetsa ali wosewera.

Tiyerekeze mayi amene wagwira zaka 5 ngati ofisala wa ngongole kubungwe lobwereketsa ndalama kwa amabizinesi ang'onoang'ono. Ndime yake inkati: "Ofisala wa ngongole wolimbikira, wosamalira makasitomala 300 ndi kutolera ngongole pa nthawi yake." Panalibe cholakwika, chifukwa nthawi imeneyo abwana ankamuyeza ndi buku lake la makasitomala. Lero ndi manijala wa nthambi. Sayendanso m'misika kukatolera ndalama, ndipo nthambi ikalephera, wofunsidwa ndi iyeyo ngakhale wolakwitsa atakhala wina.

Asanalembe chilichonse, afukule malipoti a mwezi umene analowa pa udindo, awaike pambali pa a mwezi wathawu. Mabungwe otere amayang'anitsitsa gawo la ngongole zimene kubweza kwake kwachedwa kupitirira masiku 30. Tinene kuti anapeza zili pa 9 peresenti, pano zili pa 5. Nambala yoyambira ija ndi yofunika kwambiri, pakuti 5 payekha sanena kanthu: mwina nthambiyo inali kale pa 4 ndipo zinthu zaipa m'manja mwake.

Funso lovuta ndi lakuti: iyeyo anachitapo chiyani? Apa ndi pamene ndime zambiri zimafera. Ena amalemba kuti "ndinatsitsa ngongole zochedwa", ngati kuti maofisala aja kunalibe. Ena, poopa kuoneka odzikuza, amangoti "tinachita bwino", ndipo wowerenga sadziwa ngati wolembayo ankatsogolera kapena ankangotsatira. Ine ndimaona kuti zipatso zilembedwe m'dzina la timu, koma chiganizo chimene chinazibweretsa chilembedwe m'dzina la manijala. Mayi uja mwina anagawanso madera kuti ofisala aliyense asamayende mtunda wautali, ndipo anakhazikitsa kamsonkhano ka Lolemba lililonse kounikira amene ayamba kuchedwa. Imeneyo ndiyo ntchito yake yatsopano.

Ndime yokonzedwa ingamveke motere: "Manijala wa nthambi wotsogolera maofisala 6 amene amatumikira makasitomala 1,800. M'miyezi 12 timu yatsitsa ngongole zochedwa kuchoka pa 9 kufika pa 5 peresenti, nditagawanso madera ndi kuyambitsa kauniuni wa sabata ndi sabata. Ndaphunzitsa maofisala atsopano 2, ndipo mmodzi mwa akale wakwezedwa. Ndisanakhale manijala ndinagwira zaka 5 ngati ofisala wa ngongole."

Zaka 5 zija sizinatayidwe, zangotsikira kumapeto, ndipo zikutsimikiza kuti ntchito imene akuyang'anira amaidziwa. Mawu oti "wolimbikira" achoka chifukwa aliyense angathe kudzitcha choncho. Mzere wonena za anthu ophunzitsidwa ndi wokwezedwa musaupeputse. Nambala zingakongole chaka chimodzi chifukwa choopseza antchito, koma anthu amene akukula pa ntchito amasonyeza utsogoleri wokhalitsa. Masivi ambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma kasanjidwe kake n'komweka. Pa LinkedIn, gawo la About limalola zilembo 2,600, komabe mizere yoyambirira yokha ndiyo imaoneka munthu asanadine kuti awerenge zonse, choncho kukula kwa timu ndi zipatso zake zikhale patsogolo.

Nanga amene wakhala pa mpando miyezi itatu yokha? Asabe mbiri ya amene anamusiyira udindo. Alembe kukula kwa timu, ndalama kapena dera limene akuyang'anira, ndi zimene wayambitsa. Zotsatira adzaziwonjezera zikaoneka. Chimodzimodzinso ngati ngongole zabwezedwa bwino chifukwa inali nyengo yokolola anthu ali ndi ndalama m'thumba: ayerekeze Juni wa chaka chino ndi Juni wa chaka chatha, osati ndi Febuluwale wa njala. Ndipo ngati bungwe silimalola kuulula kuchuluka kwa ndalama zake, maperesenti ndi okwanira.

Mukamaliza kulemba, werengani mzere uliwonse mukudzifunsa ngati abwana anu angauvomereze atayimbiridwa foni, ndiponso ngati anthu amene mumawatsogolera angauwerenge osakwinya nkhope. Mzere umene walephera pa mafunso awiriwa uchotseni, chifukwa pa intavyu adzakufunsani pomwepo.